Tilembe Kuti Takwiya Kapena Takhumudwa?

Ine ndimakhala kuno kwa Nsamala m'boma la Balaka, ndipo ndimagulitsa mpunga ndi nyemba pamsika. Ndiyambe ndi kukufunsani: munthu akamakuchotserani makilo 4 pa thumba lililonse la mpunga, inu mumakhala mwatani? Mwakhumudwa, mwakwiya, mwapsa mtima, kapena mwalusa? Musathamangire kuyankha kuti zonsezo n'chimodzimodzi. Inenso ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku lomwe amayi asanu tinakhala pa mthunzi wa nimu kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka, kukanganirana liwu limodzi loti tiike m'kalata.

Mpunga wathu timaoda kwa bambo ena a chigayo cha mbali ya ku Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Dzina sinditchula, tikugwira nawobe ntchito. Galimoto yawo imadzera pa Liwonde kawiri pa mwezi, n'kumatsitsa matumba m'misika ya m'njira. Chomwe timawakondera bambowa n'chakuti amatipatsa katundu titalipira theka, theka linalo timamaliza pakatha masabata awiri. Amene munachitapo geni mukudziwa kuti munthu wotere sapezekapezeka. Opikulitsa ambiri amafuna ndalama yonse pamanja, ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023, mpamba wa ambirife sukwananso matumba awiri nthawi imodzi. Ndanena izi kuti mumvetse kuti tinali kulembera munthu yemwe watilakwira, komanso yemwe sitikanatha kumutaya.

Thumba la makilo 50 ine ndimalipakira m'timapepala ta kilo imodzi imodzi. Mwezi wa Juni ndinapakira thumba lonse n'kupeza timapepala 46. Ndinadziimba mlandu ndekha kuti mwina dzanja langa linalemera poyeza. Thumba lachiwiri, 46. Ulendo wotsatira, chimodzimodzi. Nditanong'oneza mnzanga wa benchi loyandikana nalo, anangogwira pakamwa, nayenso zinali kumuchitikira koma amaopa kuti tingamuseke kuti satha kuyeza. Ena anati mwina mpungawo anagayitsa usanaume, ndiye ukupepuka. Zimachitikadi, koma mpunga sungataye makilo 4 pa masiku awiri, komanso supepuka mofanana thumba lililonse ngati wapangana. Thumba lobooka nalo limadziulula, limasiya mzere wa mpunga m'galimoto. Athuwa anali osokedwa bwinobwino.

Galimoto itabwera kachitatu, Lachinayi lina mu Julayi, tinabwereka sikelo yokoloweka kwa anyamata ogula nandolo. Tisanaikhulupirire tinayamba taiyesa ndi mapaketi 5 a shuga osatsegula, inaonetsa makilo 5 ndendende. Kenako tinayeza matumba onse 9 pamaso pa dalaivala ndi anthu awiri a komiti ya msika. Panalibe lomwe linapitirira makilo 47, ena anali pa 45. Kuphatikiza zonse panasowa makilo 36. Titaonjezerapo matumba 13 a maulendo awiri oyamba aja, monga mwa makope athu, panasowanso makilo 52. Zonse pamodzi makilo 88.

Dalaivala anati iye amangonyamula. Foni ya mwini chigayo amayankha anali kapitawo wawo, ndipo yankho linali limodzi, loti abwana atuluka. Tinagwirizana zolemba kalata yoti dalaivala akapereke m'manja mwa mwini wake, popeza amadutsanso mawa lake madzulo pobwerera. Ntchito yolemba inagwera ine, eti poti ndinafika Folomu 4.

Kaikidwe ka kalata yantchito sikanandivute, aphunzitsi a Chichewa anatikhomerera mokwanira: keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu wodula mzere kunsi. Chomwe sanatiphunzitse ndi kukula kwa mawu. Usiku umenewo ndinalemba mtima ukugunda, ndikuwerengera makilo 24 anga pa matumba 6, ndalama yomwe ndikanabwezera ku banki m'khonde. Ndime yoyamba inatuluka motere:

"Ife amayi a pamsika talusa koopsa ndi umbava wanu. Tapsa mtima kwambiri ndipo tanyansidwa nanu. Mwatikwiyitsa, musatione ngati ana."

Ndinagona tulo tabwino, kunena zoona. Masana ake nditawerengera anzanga, awiri anaomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Mayi tcheya a gulu lathu, amene ndi a msinkhu wa mayi anga ndipo sukulu analekezera Sitandade 4, anangokhala chete akusankha nyemba m'lichero. Kenako anati, "Mwana wanga, tabwereza pomwe pali kulusapo."

Ndinabwereza.

"Kodi chimalusa n'chiyani?"

Tinayamba kutchula. Galu. Njuchi. Mkango. Ng'ona za mu Shire zikayamba kugwira anthu padoko timati zalusa.

"Nanga galu wolusa akakuthamangira, umamuponyera mpunga kapena mwala?"

Apa nthungululu zija zinatha. Ndakhala ndikuliganizira funso limeneli kuyambira tsiku lomwelo. Kulusa ndiko kuli pamwamba penipeni pa mawu onse a mkwiyo, n'chifukwa chake ndinakusankha, ndinkafuna liwu lalikulu kuposa onse. Koma tamverani momwe timaligwiritsira ntchito. Timati "abambo alusa lero, musawayandikire." Timanena za munthu wina, pochenjezana. Simudzamva kawirikawiri munthu wamkulu akunena yekha kuti "ndalusa", pokhapokha akuseka. Wolusa sakambirana naye, mumamuthawa kapena mumamutsekera kunja mpaka ataphwa. Ndiye kalata yoti "talusa" imauza woilandira kuti palibe chokambirana, adikire kaye tizizire. Ife sitimafuna kudikiridwa. Timafuna mpunga.

Kupsa mtima nakonso kunagwa pa mayeso omwewo, ngakhale kuti ine ndinakuikira kumbuyo kwa kanthawi. Liwuli ndi lokoma m'kamwa ndipo limanena zoona, mumtimamo mumatenthadi ngati mwaikidwa khala. Vuto lake n'lakuti kwathu kuno kupsa mtima timakutenga ngati chilema cha munthuyo. Timati "uja ndi wopsa mtima msanga", ndipo pa milandu ya kwa amfumu mumamva wolakwa akupepesa kuti "ndinachita mopsa mtima, mundikhululukire." Mwaona? Ndi mawu omwe munthu amapepesera nawo. Ukalemba wekha kuti wapsa mtima, wamupatsa mnzakoyo poyambira. Ayankha kuti "amayi, mtima pansi", ndipo nkhani yachoka pa sikelo yapita pa mtima wako. Mudzatha ola lonse akukutonthozani, makilo osatchulidwa.

Apa m'pomwe ndinazindikira kuti mawuwa sanangosanjikizana ngati makwerero, lililonse kuposa linzake. Pali pena pake pomwe amatembenuka. Mawu a m'munsi amaloza chinthu cholakwikacho. Mawu a pamwamba, kupsa mtima, kulusa, kuwira, kuyaka, amaloza iwe wolembawe, momwe maso ako afiirira ndi momwe ukunjenjemerera. Pamaso m'pamaso zimagwira ntchito nthawi zina, poti munthu amaopa kuchita manyazi pagulu. Papepala ayi. Bamboyo awerenga ali pampando pawo, makilomita ambirimbiri kuchoka pomwe uli, tiyi ali pambali. Sakuopa.

Za "tanyansidwa nanu" sitinachedwepo. Liwu limeneli ndi lachinyengo. Pocheza ndi lopepuka, mwana akataya ndiwo timati "wandinyansa bwanji iwe", minibasi ikachedwa kudzadza timati zatinyansa, achinyamata amati zawabowa. Ndi mkwiyo waung'ono wa tsiku ndi tsiku, wongotsonya n'kupitiriza ntchito. Koma likakhala papepala, mawu ako osamveka, nkhope yako osaoneka, limabwerera komwe linachokera, ku nyansi. Kumulembera munthu wa imvi kuti "tanyansidwa nanu" ndi kumuuza kuti akununkha. Tinalifufuta. "Umbava" nawo unafufutidwa, chifukwa mayi tcheya anafunsa ngati pali mmodzi mwa ife amene anawaona bambowo akuchotsa mpunga m'thumba. Panalibe. Chomwe tinaona ndi muvi wa sikelo.

Ndiye tinatsetserekera mbali inayo. Mnzathu wina, yemwe pa nthawiyo anali ndi ngongole ya matumba awiri kwa bambowo, anati tingolemba kuti tadabwa. "Tadabwa kuona kuti matumba akumaperewera." Musamuseke, liwuli lili ndi ntchito yake, ndipo ife Amalawi timalidziwa bwino. Apongozi akakuuzani kuti "tadabwatu kuti simunabwere ku maliro", mumadziwa kuti si kudabwa kwenikweni, akukudzudzulani mwaulemu. Ndi mkwiyo wovala chitenje. Umamusiyira munthu khomo loti atulukire, anene kuti pepani sindinadziwe. Likanakhala thumba limodzi, ulendo umodzi, ndikanalemba lomweli mosakayika. Koma munthu sudabwa katatu ndi chinthu chimodzimodzi. Kachitatu ukamati wadabwa, winayo amadziwa kuti ukumuopa.

Wina anati nanga "tadandaula". Ili ndiye liwu la makalata ambiri omwe ndinawaonapo, moti kalata yomweyo timaitcha yodandaula. Kuipa kwake n'kwakuti linatha mphamvu chifukwa chogwiritsidwa ntchito paliponse. Timadandaula za mvula, za mtengo wa feteleza, za msana. Wodandaula amapempha chifundo, ndipo yankho lomwe amalandira ndi "tamva dandaulo lanu, tiona." Amene munalemberapo ofesi iliyonse mukulidziwa yankho limeneli. Tinagwirizana kuti liwuli likhale pa mutu wa kalata pokha, kuti bambowo adziwe mtundu wa kalata yomwe agwira, koma m'kati tifune lina.

Anatsala awiri, kukhumudwa ndi kukwiya, ndipo apa m'pomwe dzuwa linatipendekera.

Mnzanga wa benchi loyandikana uja anaima nji pa "takwiya". Mfundo yake inali yomveka. Anati kukwiya si kutukwana, si kupenga, ndi liwu loongoka lomwe ngakhale m'tchalitchi timalimva, mkwiyo wa Mulungu. Anati kwawo amangoti kutumbila, m'Chiyao, ndipo munthu akanena amamveka. Takwiyadi, tibisirenji? Anatinso amayi timaphunzitsidwa kuyambira tili ana kumeza mkwiyo, mpaka pamasewera amatiopseza kuti wakwiya ndi mfiti, ndiye anthu ngati awa amadyerapo. Ndinamumva, ndipo mpaka lero sindinganene kuti analakwitsa.

Mayi tcheya sanatsutse kuti takwiya. Anangofunsa kuti, "Tikalemba kuti takwiya, Lachinayi likudzalo galimoto ikabwera titsitsa matumba kapena ayi?"

Tinayang'anana. Tonse timadziwa kuti titsitsa.

"Ndiye adzati amayi aja anakwiya, koma mpunga atenga. Ulendo wina mukadzakwiyanso adzadziwa mtengo wa mkwiyo wanu."

Mfundo imeneyi ndi yomwe ndinabwera nayo kwa inu sabata ino. M'kalata, liwu lililonse la mkwiyo limalonjeza kanthu. "Tadabwa" amalonjeza kuti tidikira kufotokozeredwa. "Tadandaula" amalonjeza kuti tipirira. "Takwiya" amalonjeza kuti pachitika chinachake: tisiya kugula, tipita kwa a komiti, tiitana a bungwe loona za miyezo la MBS, omwe ntchito yawo ina ndi kuyendera masikelo a malonda. Ngati sunakonzeke kuchita chomwe liwulo lalonjeza, wagulitsa thumba lolembedwa 50 muli 46, ngati momwe anatichitira ifeyo. Tsiku limenelo tinali tisanapeze kwina kooda, tinali tisanafunse n'komwe kuti a MBS amawapeza bwanji. Mumtima tinali pa "takwiya", koma m'thumba tinali tisanafikepo.

Kukhumudwa ndinkakuona ngati liwu lofooka, la munthu wongogwetsa nkhope. Nditaliyang'anitsitsa ndinasintha maganizo. Paja kukhumudwa kwenikweni ndi kwa phazi, umakhumudwa pa mwala kapena pa chitsa. Ndipo kawirikawiri sukhumudwa m'njira yachilendo, mmene umayenda maso ali pansi. Umakhumudwa m'njira yomwe unaizolowera, yomwe umayenda ngakhale usiku osayang'ana. Wakuba wa m'basi sangakukhumudwitse, amangokukwiyitsa, chifukwa sunayembekezere chabwino kwa iye. Amakukhumudwitsa ndi munthu yemwe unamukhulupirira. Tsono ukamulembera munthu kuti "takhumudwa", wanena zinthu ziwiri pa liwu limodzi: tinkakukhulupirirani, ndipo chikhulupiriro chija chathyoka. Kwa munthu wa bizinesi amene amapereka katundu pa ngongole, amene malonda ake onse aima pa kukhulupirirana, limenelo ndi liwu lobaya kuposa kulusa. Ife zaka zitatu tinali tisanayezepo thumba lawo ngakhale limodzi. Tinalemba zimenezo.

Panalinso kanthu kena kakang'ono komwe ndinakaona ndikukopera kalatayo papepala loyera. M'kalata yoyamba ija ndinalemba kuti "mwatikwiyitsa". Taonani kusiyana kwa "mwatikhumudwitsa", "zatikhumudwitsa" ndi "takhumudwa". Tsinde ndi lomwelo, chasintha makamaka ndi mutu wa liwu. Koma "mwa-" ndi chala cholozedwa pamphuno pa munthu, akuti inuyo ndi amene mwachita. "Za-" akuloza zinthuzo, matumba operewera, osanena yemwe waperewetsa. "Ta-" akungonena za ife. Popeza sitimadziwa ngati ndi bambowo, kapitawo wawo, kapena sikelo yawo, "mwa-" akanakhala mlandu womwe tinalibe nawo umboni. Munthu ukamuloza chala amayamba kudziteteza asanamalize kuwerenga. Ukaloza thumba, amatha kubwera kudzaima mbali yako n'kumaliyang'ana nawe limodzi. Mukamalemba kalata yotere, yang'anani timitu timeneti. Nthawi zina ukali wa kalata sukhala m'liwu lomwe mwasankha, umabisala mu "mwa-".

Ndinachotsanso "kwambiri" ndi "koopsa". Usiku uja ndinawaika paliponse ngati mchere wa munthu wophunzira kuphika. Ndinapeza kuti "takhumudwa" payekha, kenako mpumiro, amalemera kuposa "takhumudwa kwambiri zedi". Woonjezera "kwambiri" amaoneka ngati akukayika kuti samukhulupirira. Malo a "kwambiri" tinaikapo nambala.

Mnzanga uja sanagonje ulere. Anati chabwino, kukwiya kuchoke, koma kalata isathe ngati ya anthu olira. Iye ndi amene anabweretsa liwu lomaliza, lomwe silioneka ngati la mkwiyo koma aliyense amalidziwa: zatikwana. Mayi akanena kuti "zandikwana" sakuwa, mwinanso amanena motsitsa, koma ana amadziwa kuti masewera atha. Liwuli silinena kutentha kwa mtima, limanena kuti muyezo wadzadza, ndipo kwa anthu ogulitsa zoyeza ngati ife linakhala pamalo pake. Mayi tcheya analola, koma anati liyende ndi tsiku, apo ayi likhala lopanda mano. Tinagwirizananso chinthu chimodzi chomwe tonse asanu tikanathadi kuchita, ngakhale wa ngongole uja: kuyeza thumba lililonse lisanatsike, ndi kulipira makilo omwe sikelo yaonetsa basi.

Thunthu la kalata yomwe inapita linali ili:

"Bambo, takhala tikuoda mpunga kwa inu zaka zitatu osayeza thumba ngakhale limodzi, chifukwa tinkakukhulupirirani. Lachinayi tayeza matumba 9 pamaso pa dalaivala wanu ndi anthu awiri a komiti ya msika. Onse anali pakati pa makilo 45 ndi 47, ndipo pamodzi pasowa makilo 36. Makope athu akuonetsa kuti matumba 13 a maulendo awiri apitawo anaperewera chimodzimodzi. Takhumudwa. Sitikudziwa pomwe pakulakwika, inu ndi amene mungafufuze. Tikupempha kuti makilo osowawa abwere ndi galimoto ya ulendo uno. Kutaya mpunga motere kwatikwana, choncho kuyambira ulendo umenewu tiziyeza thumba lililonse lisanatsike, ndipo tizilipira zomwe sikelo yaonetsa."

Tinasaina tonse asanu, mayi tcheya anadinda chala. Dalaivala anaipinda n'kuiika m'thumba la malaya, ife n'kumaiyang'ana ikupita.

Masabata awiri amenewo sanali okoma. Wa ngongole uja sankandilankhula bwino, amati ndamuphera geni. Ine ndemwe usiku ndinkaiwerenganso kalatayo m'mutu, tsiku lina n'kumaiona yofewa ngati phala, tsiku lina n'kumaona ngati "kwatikwana" uja anapyola muyezo. Foni sinalire.

Lachinayi lake galimoto inafika mochedwa, ndipo kutsogolo kunakhala bambo a chigayo eni ake, omwe chiyambire anali asanapondepo pamsika pathu. Anatsika ndi kalata yathu m'manja. Anapereka moni kwa mayi tcheya, kenako anafunsa kuti walemba ndani. Anzanga anandiloza, mwachangu kuposa momwe ndikanafunira.

"Mayi, pamene mwalemba kuti zaka zitatu osayeza, ndi zoona?"

Ndinati ndi zoona, bambo.

Anagwedeza mutu. Anati iwo makalata ndi mauthenga a pafoni otukwana amalandira, ndipo amangowapatsa kapitawo kuti athane nawo. Iyi anaiwerenga kawiri, kenako anapita okha kukaima pa sikelo ya kuchigayo. Zomwe anapeza kumeneko sanatiuze, ifenso sitinafunse, koma foni yawo masiku ano amayankha ndi munthu wina. Anakoloweka okha matumba pa sikelo ya anyamata a nandolo ija, limodzi limodzi, onse anakwana 50. Kenako anatsitsa kathumba kena kapadera ka makilo 36.

Mnzanga anafunsa za makilo 52 a maulendo oyamba aja. Bambowo anayankha mwaulemu kuti omwe anayezedwa pamaso pa mboni abweza, koma za m'makope mwathu sangazitsimikize, poti matumbawo tinagulitsa kale. Anakwera galimoto n'kumapita.

Ndiye musaganize kuti nkhaniyi inathera m'nthungululu. Makilo 52 ndi thumba lathunthu ndi kapamwamba, ndipo 16 mwa amenewo anali anga. Mnzanga mpaka lero amati tikanalemba "takwiya" n'kutchula a MBS, bambowo akanaopa n'kubweza onse 88. Amati ulemu wathu unatidyera thumba. Mayi tcheya amati tikanatero kalatayo ikanathera m'manja mwa kapitawo ngati enawo, ndipo bwenzi pano tikuoda kwa a ndalama pamanja. Ine ndimakhala pakati pa mabenchi awo awiri, ndipo nkhaniyi ikayambika ndimapeza chochita ndi nyemba zanga. Pali masiku omwe ndimaona ngati mnzangayo akunena zoona, makamaka tsiku lobweza ku banki m'khonde.

Chomwe ndinachita ndine ndekha, ndinakafunsa komwe kumapezeka a zoyendera masikelo, ndipo tinasonkherana asanu tonse kugula sikelo yathuyathu yokoloweka. Tinapezanso mayi wina wa ku Liwonde amene angatipatse matumba ochepa titasowa kolowera, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwererapo. Tsopano liwu lija tikhoza kulilemba, likadzafunika. "Takwiya" ali m'kope langa, tsamba lakumapeto, pamodzi ndi kalata ya "talusa" ija yomwe sindinaing'ambe. Mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anaipeza tsiku lina akufuna pepala la masamu, anaiwerenga mokweza pakhonde ndi mawu a pawailesi, mpaka pa "musatione ngati ana". Atamaliza anandifunsa kuti, "Amayi, ndiye munawaluma?"

Galimoto ikubweranso Lachinayi lino. Sikelo ili m'chidebe cha nyemba pansi pa benchi, ndipo sabata ino ndi gawo langa kubweretsa mapaketi a shuga oiyesera.